Pulopozo yokonza mijigo: kulumikiza cholinga ndi bajeti

Pamaphunziro a kalembedwe ka pulopozo, chikalata chopempha ndalama za pulojekiti kwa opereka thandizo, mfundo imene ndaona kuti imasiyanitsa pempho lolandiridwa ndi lokanidwa ndi imodzi. Wowerenga akaloza chala pamzere uliwonse wa bajeti ayenera kutha kubwerera nawo mpaka pacholinga osasochera, ndipo akayambira pacholinga ayenera kuona ndalama imene idzachikwaniritse. Mafomu amagawa zinthu m'mabokosi osiyana, ndiye makomiti ambiri amalemba bokosi lililonse palokha, mwina munthu wina cholinga, wina bajeti. Kusagwirizana kumayambira pamenepo.

Tiyerekeze kuti m'dera la gulupu wina ku Mulanje muli midzi 4, mabanja 300 ndi mijigo 6 ya mtundu wa Afridev imene idasiya kutulutsa madzi. Ambiri alemba kuti cholinga chawo ndi "kukonza mijigo 6". Imeneyo ndi ntchito chabe. Cholinga chiyenera kunena zimene zidzasinthe kwa anthu, anthu angati, kuti komanso pofika liti: "Pomatha miyezi 12, mabanja 300 a m'midzi 4 azitunga madzi aukhondo pamijigo 6, ndipo mjigo ukawonongeka uzikonzedwa pasanathe masiku 7." Papulojekiti yaing'ono chonchi cholinga chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira, chifukwa chilichonse chimene mwawonjezera chidzafuna ntchito zake, ndalama zake ndi umboni wake mulipoti.

Mawu akuti "pasanathe masiku 7" ndiwo akulamulira zonse zotsatira. Mjigo wa Afridev uli ndi tizida timene timatha msanga, monga timphira ta m'kati ndi mabeyaring'i apulasitiki a pachogwirira. Mukangoukonza n'kuchoka, udzaimanso kachida kamodzi kakatha. Choncho ntchito zikhale zinayi, ndipo iliyonse ipatsidwe nambala. Ntchito 1.1 ndi kuyendera mjigo uliwonse pamodzi ndi mekaniki wa m'dera ndi a ofesi ya zamadzi ya paboma. Ntchito 1.2 ndi kukonza mijigoyo ndi simenti yozungulira. Ntchito 1.3 ndi kuphunzitsa makomiti a mijigo kukonza zazing'ono ndi kusunga ndalama, pomwe 1.4 ndi kuyendera makomitiwo mwezi ndi mwezi.

Kunena zoona, kuyendera koyambako ndi bwino kukuchita pulopozo isanalembedwe. Mjigo wina vuto lake si zida ayi: madzi amatsika m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, kapena m'dzenje mudalowa matope, monga zidachitikira m'madera amene adasefukira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mjigo umene mudalowa matope umafuna makina otsuka dzenje, ndipo ndalama yake ndi yambiri kuposa yogulira timphira. Mukazindikira zimenezi ndalama zitabwera kale, mudzakonza mijigo 4 pomwe mudalonjeza 6.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pamabokosi awiri amene pafomu amalembedwa `Outputs` ndi `Outcomes`. Loyambalo ndi la zinthu zimene pulojekiti idzapereke yokha, zoti munthu angaziwerenge tsiku limene ntchito yatha: mijigo 6 yokonzedwa, anthu 60 ophunzitsidwa ngati komiti iliyonse ili ndi anthu 10, mabuku 6 a ndalama operekedwa kumakomiti. Zimenezi zili m'manja mwanu. Lachiwirilo ndi la kusintha kumene kudzaoneke anthu akayamba kugwiritsa ntchito zomwe mwaperekazo: mijigo ikutulutsabe madzi mwezi wa 12, mabanja akusonkha ndalama ya mwezi, komiti ikugula yokha chida chikatha. Pofuna kusiyanitsa, dzifunseni ngati chinthucho chingachitike chifukwa choti mwalipira basi. Anthu 60 angakhale m'kalasi masiku 3 chifukwa mwawagulira chakudya, koma simungagule zoti mabanja 50 a pamjigo umodzi azisonkha K500 mwezi uliwonse kuti m'thumba muzilowa K25,000.

Pakusinthaku musalonjeze zimene simungathe kuonetsa. Kulemba kuti matenda otsegula m'mimba adzachepa ndi theka kumamveka bwino, koma matendawa amadaliranso zimbudzi, kasungidwe ka madzi kunyumba ndi mvula ya chaka chimenecho. Sankhani chizindikiro chimene komiti ingalembe m'buku lake, monga tsiku limene mjigo waima ndi tsiku limene wakonzedwa. Lembaninso mmene zinthu zilili panopa, mjigo uliwonse wakhala miyezi ingati osagwira, apo ayi sipadzakhala choyerekezera.

Tsono bajeti. Mzere uliwonse utenge nambala ya ntchito yake, ndipo uonetse kuchuluka, nthawi ndi mtengo wa chimodzi. Ndi mtengo wongoyerekeza, mzere wa chakudya pantchito 1.3 ukhala chonchi: anthu 60, masiku 3, K5,000 patsiku, zonse pamodzi K900,000. Mukangolemba kuti "maphunziro, K1,500,000", wowunika sangadziwe mmene mwaipezera nambalayo ndipo amaidula mosavuta. Onaninso zobisika. Anthu 60 sangaphunzire kumasula mjigo onse nthawi imodzi, ndiye muwagawa magulu awiri a anthu 30. Aphunzitsi 2 adzagwira masiku 6, osati 3, kutanthauza kuti alawansi, chakudya ndi thiransipoti yawo ziwerengedwe ka 12.

Mukamaliza, werengani mbali zonse ziwiri. Yambirani pantchito: kodi 1.4 ili ndi ndalama? Kawirikawiri imakhala ilibe, chifukwa kuyendera makomiti kumaoneka ngati kwaulere, chonsecho kumafuna mafuta a njinga yamoto kwa miyezi ingapo, ndipo ndi ntchito imeneyi imene ikunyamula lonjezo la masiku 7 lija. Kenako yambirani pabajeti: kompyuta kapena matisheti amene alibe nambala ya ntchito achotsedwe. Zoyendetsera pulojekiti, monga ndalama zimene banki imadula ndi mayunitsi a foni, zikhale pagawo lawolawo, ndipo muyambe mwawerenga malire amene opereka thandizowo aika pagawoli.

Zimene mudzi udzapereke, monga mchenga, miyala, njerwa ndi manja a anthu, muzipatse mtengo wake n'kuzilemba mumzati wina pambali pa ndalama imene mukupempha. Mitengo ya zida ndi simenti ichokere pamakoteshoni olembedwa tsiku. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bajeti zimene zidalembedwa miyezi yochepa m'mbuyo mwake zidapelewera. Ngati fomu ikulola mzere wa ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, uikeni ndipo fotokozani chifukwa chake.

Ndondomeko ya nthawi nayo imasintha bajeti. Ku Mulanje ntchito ya simenti ndi kunyamula zida zikhale pakati pa Meyi ndi Okutobala, chifukwa mvula ikayamba misewu yafumbi imavuta ndipo agalimoto amakweza mtengo. Nthawi yamvula yomweyo ndi pamene anthu amatangwanika kumunda komanso kuthyola tiyi kumaesiteti, kotero maphunziro oikidwa mu Januwale mwina sangafike anthu 60 amene mwawalemba. Ndipo pulopozo isanapite, idutse kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera kuti mupeze kalata yovomereza, pakuti opereka thandizo ambiri amaifunsa, komanso mungapezeke kuti awiri mwa mijigo yanu ili kale pandondomeko ya khonsolo kapena ya bungwe lina.