Lachitatu: makalata a 2021 analipo, kaundula ndiye anawonongeka

M'mawa abwana anandituma kuti ndipeze imelo ya mu 2021 yochokera kwa amene amatigulitsa simenti, momwe munali mitengo imene tinagwirizana. Ndinatsegula Thunderbird, pulogalamu yathu ya maimelo, n'kudina Ctrl+K, n'kulemba dzina lawo. Panatuluka makalata atatu okha, onse a mwezi uno. Mtima unandigunda, poti m'makalata akale amenewo ndi momwe muli umboni wathu wonse.

Ndisanathamangire kukanena kuti zinthu zafufutika, ndinalowa mufoda ya 2021 n'kudina Ctrl+Shift+F. Kusaka kumeneku kumayang'ana mufodamo mwenimweni. Kalata ija inapezeka. Apa ndinadziwa kuti vuto lili mu kaundula. Ctrl+K sawerenga makalata amodziamodzi ayi, amangofunsa kaundula wa mawu amene pulogalamuyi imadzilembera yokha, ndipo kaundulayo akawonongeka, kalata imene ilipo imaoneka ngati kulibe. Ndikuganiza kuti wathuyu anawonongeka sabata yatha, magetsi atazima kompyuta ili mkati mogwira ntchito.

Kukonza kwake n'kumuchotsa kuti alembedwenso. Ndinapita pa Help, kenako Troubleshooting Information, ndipo pamzere wa Profile Folder ndinadina Open Folder. Foda itatseguka ndinatseka Thunderbird kaye, chifukwa ikakhala yotsegula imakhala itagwira fayilo ya kaundulayo. Ndinachotsa iyi yokha:

```
global-messages-db.sqlite
```

Makalata enieni sakhala mmenemu. Amakhala mu Mail ndi mu ImapMail, ndipo mafoda awiriwa sindinawakhudze n'komwe. Nditatsegulanso pulogalamu, pa Tools, Activity Manager, ndinaona ikuwerenga foda ndi foda. Inatenga mpaka nthawi ya nkhomaliro, kompyuta ikuyenda mokoka miyendo. Kusaka ntchitoyi isanathe kumabweretsa zoperewera, choncho ndinangoisiya.

Masana dzina lija linabweretsa makalata onse. Koma nditalemba nambala ya invoyisi, imene ndikudziwa kuti ili mkati mwa kalata, sipanatuluke kanthu. Apa m'pamene ndinakhalitsa. Akaunti yathu ndi ya IMAP, imene imasunga makalata pa seva, ndipo mu Account Settings, pa Synchronization & Storage, panali posankhidwa kuti pakompyuta pazisungidwa makalata a masiku 30 okha. Akale onse amakhala pa seva. Kaundula amalemba mutu wake ndi wotumiza, koma mawu amkati sawaona, poti sanatsike. Ngakhale ndikanachotsa fayilo ija kakhumi, sizikanasintha.

Ndinasankha Synchronize all messages locally regardless of age. Izi zimadya bandulo, chifukwa makalata amatsika ndi zomata zake zonse, ndiye ndinayamba ndapempha kwa abwana. Anavomera kuti kompyuta igone yoyaka. Kalata ya simenti ndawapatsa kale. Nambala ya invoyisi ija ndailemba pakapepala, ndiisakenso mawa ndikangofika.