Mmene ndinachotsera mng'alu ndi banga pa chithunzi cha agogo

Chithunzi cha agogo aamuna atavala suti chinakhala zaka zambiri mkati mwa Baibulo la azakhali. Ndi chakuda ndi choyera, cha masentimita 9 ndi 13, ndipo pepala lake linayamba kale kupita ku chikasu. Wina anachipinda pakati, moti mng'alu woyera unadutsa kuchokera pa phewa, kudula kolala ya jekete, mpaka kukafika pa tsaya. Kumunsi chakumanja kunali banga labulauni, mwina la tiyi. Azakhali pondipatsa anangoti, "Ukonze pong'ambikapo basi, atate anga usawasinthe nkhope."

Ndinayamba ndi sikana. Ndinapukuta galasi, n'kuika pa madontho 600 pa inchi, zomwe zimapereka mapikiselo pafupifupi 2,100 m'lifupi ndi 3,070 m'litali, okwanira kuona m'mbali mwa mng'alu bwinobwino. Ngakhale chithunzicho chilibe mitundu, ndinachijambula ngati chamitundu, chifukwa mtundu wa bangalo ndi umene umadzathandiza kulichotsa. Ndinazimitsanso zonse zimene sikana imafuna kukonza yokha, monga kuchotsa fumbi ndi kunola chithunzi, n'kusunga fayilo ngati TIFF.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa, ndipo ndivomereze kuti unali ulesi. Nditatsegula fayilo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP 2.10, ndinathamangira ku `Filters > Enhance > Despeckle` n'kulola kuti isese chithunzi chonse. Timadontho ta fumbi tinachokadi, koma tinapita limodzi ndi timadontho ta pa tayi ya agogo, komanso kakuwala kakang'ono ka m'maso mwawo. Nkhope inasalala ngati ya chidole, pamene mng'alu uja unali pomwepo. Sefa yotereyi sisiyanitsa fumbi ndi diso. Ndinatseka osasunga, n'kuyambiranso.

Ulendo wachiwiri, chinthu choyamba chinali kukiya leya ya chithunzi chenichenicho podina `Lock pixels`, kuti ngakhale dzanja literereke burashi isalembepo. Pamwamba pake ndinaika leya yatsopano yopanda kanthu, yoonekera ngati galasi, n'kuitcha "mng'alu". Zokonza zonse zimagwera pa galasilo. Kuti zimenezi zitheke, pa zosankha za `Heal` ndi `Clone` muyenera kuchonga `Sample merged`, kuti chida chizitenga zimene maso akuona pansipo. Mukaiwala, mudzapaka mpaka kutopa popanda chooneka, chifukwa chidacho chikhala chikukopera pa leya yopanda kanthu.

Zida ziwirizi zimaoneka zofanana koma sizigwira ntchito mofanana. Zonse mumazionetsa kotenga pogwira `Ctrl` n'kudina pamalo abwino. `Clone` imakopera malowo ndendende. `Heal` imatenga kaonekedwe ka malowo, monga timchenga ta chithunzi kapena ulusi wa nsalu, koma kuwala imakufananitsa ndi kwa pamene mukupakapo. Pa nsalu ya jekete ndi pa katani wa kumbuyo, `Heal` inali mfumu. Mng'alu unali wa mapikiselo 6 mpaka 10 m'lifupi, choncho burashi ndinaiika pa 14, yongokwanira kuphimba mng'aluwo ndi kachidutswa ka mbali zonse ziwiri. Ndinkadina pang'onopang'ono m'malo mokoka mzere umodzi wautali, ndipo pakapita madinidwe anayi kapena asanu ndinkasintha kotenga. Mukakakamira malo amodzi, kadontho komweko kamabwerezabwereza ngati mapazi a nkhuku pa fumbi, ndipo diso limazindikira msanga.

Pa kolala m'pamene ndinakhalitsa. Pamenepo shati yoyera imakumana ndi jekete lakuda, ndipo `Heal` ikafika pa malire otere imakoka mdima n'kuumwaza pa choyera, n'kusiya utsi wotuwa. Ndinafufuta utsiwo, n'kutenga `Clone`. Kotenga ndinaika pa mzere weniweni wa kolala, pang'ono pamwamba pa mng'alu, kenako n'kudina pamene mzerewo unaduka, pakati pa burashi pali ndendende pamene malire ayenera kudutsa. Ndinabwereza katatu mzere usanalumikizike popanda chiunda. Utalumikizika, ndinabwerera ku `Heal` kumaliza mbali yoyera payokha ndi yakuda payokha, osalola burashi kukhudza malirewo. Pa tsaya ndinachepetsa burashi kufika pa 8, n'kumatenga khungu la pafupi kwambiri, chifukwa pa nkhope kuwala kumasintha pa kamtunda kochepa.

Ndinkagwira ntchito chithunzi chitakuzidwa pa 200%, koma kawirikawiri ndinkabwerera pa 100%. Mukakhalitsa pafupi, timchenga tachibadwa ta chithunzi timayamba kuoneka ngati zowonongeka, n'kuyamba kukonza pamalo opanda vuto.

Banga ndi nkhani ina. Mng'alu umachotsa chithunzi, ndiye pamafunika kubwereka kwina. Banga limangokhala pamwamba, ndipo nsapato ya agogo ndi kapeti zinali kuonekabe pansi pake. Kupakapo ndi `Clone` kukanakhala kutaya zenizeni n'kuikapo zopeka. Apa m'pamene mitundu ija inagwira ntchito. Chithunzi cha pa kompyuta chili ndi zigawo zitatu, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Banga lachikasu kapena labulauni limameza kwambiri kuwala kwa buluu, ndiye m'chigawo chabuluu limaoneka bii, pamene m'chofiira limangotsala ngati mthunzi wopepuka.

Ndinakopera leya yoyambirira, n'kuchotsa `Lock pixels` pa kopeyo, n'kupita ku `Colors > Components > Extract Component`, n'kusankha `RGB Red`. Kenako ndinadina `Add Layer Mask` n'kusankha `Black (full transparency)`. Chophimba chakuda chimabisa leya yonseyo, ndipo pamene mwapakapo choyera pokha m'pamene imaonekera. Ndi burashi yofewa m'mbali ndinapaka choyera pa bangalo, ndipo ndikapitirira malire ndinkadina `X` kuti ndibwerere ku chakuda n'kubweza. Chigambacho chinatuluka chowala kuposa pozungulira, chifukwa pa pepala lachikasu chigawo chofiira chimakhala chowala. Ndinadina pa leyayo, osati pa chophimba chake, n'kutsitsa kuwala ndi `Curves` mpaka kapeti wa mkati ndi wa kunja atafanana. Chinatsala ndi mtundu, pakuti chigambacho chinali chotuwa pakati pa pepala lachikasu. Ndinatola mtundu pa kapeti wabwino, n'kuupaka pa leya ina yopanda kanthu imene ndinaiika pa `LCh Color`, yomwe imasintha mtundu wokha osakhudza kuwala. Mkombero wakuda wa m'mphepete mwa banga, pamene madzi anaumira, sunachoke wonse, ndiye ndinaumaliza ndi `Heal`.

Kuti nditsimikize kuti sindinakhudze pabwino, ndinadina `Layer > New from Visible`, n'kubisa maleya onse okonzera, n'kuika leya yatsopanoyo pa `Difference` pamwamba pa choyambirira. Paliponse pamene sipanasinthe pamada bii, ndipo pamawala pokhapo pamene mwagwira. Panaoneka mzere wa mng'alu, chigamba cha banga, ndi timadontho tingapo ta fumbi. Ndinabisa leya ya `Difference`, n'kuonetsanso maleya okonzera, n'kusunga fayilo ya GIMP ya XCF yokhala ndi maleya onse, n'kutulutsa JPEG yotumiza kwa abale.

Azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali pa foni, kenako anafunsa kuti, "Nanga chipsera chawo chapita kuti?" Kamzere kafupi pansi pa diso lamanzere, kamene ine ndinakayesa nthambi ya mng'alu, kanali chipsera chenicheni cha agogo. Ndinatsegula XCF ija, n'kupita pa leya ya "mng'alu", n'kudutsitsa chofufutira pamalopo kawiri. Chipseracho chinatulukira pansipo, ndipo ndinawatumiziranso usiku womwewo.