Ulendo wathu wokaphunzira kutsegula botolo la amoniya

Loweruka lapitali, ife aphunzitsi a sayansi ndi osamalira malabotale a m'masukulu a sekondale a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 tinakacheza ku labotale ya koleji ina kuno ku Lilongwe. Tinanyamuka mochedwa chifukwa bambo msungichuma, monga mwa masiku onse, anakana kulipira minibasi asanawerenge mitu kawiri.

Mayi woyang'anira labotaleyo anayamba ndi magolovesi, ndipo apa m'pamene mkangano unabuka. Wapampando wathu anatulutsa m'chikwama magolovesi a lateksi, aja a kuchipatala, nanena kuti akhala akuwagwiritsa ntchito pa mankhwala onse popanda vuto. Mayiwo sanatsutse ndi pakamwa. Anadula chala cha golovesi yopyapyala ya naitirayilo, yomwe ambiri timaikhulupirira kuposa lateksi, nachiviika mu asetoni, ndipo patapita mphindi zochepa chinali chitafewa ndi kufufuma. Anafotokoza kuti mankhwala osungunulira ngati asetoni amalowerera m'golovesi ngakhale isanabooke, kotero kuti khungu limanyowa mwini wake asakudziwa. Naitirayilo yopyapyala imathandiza pa madontho a amoniya kapena asidi wosungunulidwa, bola ivulidwe nthawi yomweyo ikadontheredwa, koma pa asetoni ndi pa asidi wa salifiyuliki wa 98 peresenti pamafunika magolovesi okhuthala a byutailo. "Bambo wapampando, a lateksiwo asungireni ntchito ya bayoloje," anatero mayiwo, ndipo wapampando anavomera mwaulemu.

Za magalasi anazinena mwachidule. Magalasi owerengera, ngakhalenso aja oteteza omwe ali ndi mipata m'mbali, satchinga madontho ochokera pamwamba kapena pansi. Ofunika ndi omata kunkhope kuzungulira maso onse, okhala ndi lamba wakumbuyo. Anatsindika kuti amoniya amaopsa m'diso kuposa asidi ambiri chifukwa amalowerera mkati mofulumira, ndipo wodontheredwa azitsuka diso ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15 asanathamangire kuchipatala.

Chimene sitidzaiwala chinachitika pa kabati yokoka mpweya woipa. Mayiwo anamata kachidutswa ka tishu kumunsi kwa galasi lakutsogolo, nayatsa fani, ndipo katishuko kanapendekera mkati, kusonyeza kuti mpweya ukukokedwa. Anati kulira kwa fani si umboni, chifukwa paipi yotulutsira ikatsekeka fani imalirabe koma osakoka kanthu. Liwiro loyenera pakhomo pa kabati ndi pafupifupi theka la mita pa sekondi, galasi lizitsitsidwa mpaka pansi pa nkhope, ndipo botolo liziikidwa masentimita 15 kulowa mkati, osati pamphepete.

Mlongo wathu wa ku Biwi ndiye anasankhidwa kutsegula botolo la amoniya wa 25 peresenti. Chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, botololo linali litaikidwa kaye m'beseni la madzi ozizira, pakuti amoniya akatenthedwa mpweya umadzazana m'botolo ndipo umatha kufwamphuka chivindikiro chikangomasulidwa. Anamasula pang'onopang'ono, kukamwa kwa botolo atakulozetsa kumbuyo kwa kabati. Atangoyamba kuthira m'chikho choyezera, magetsi anazima. Katishu kaja kanagwa n'kulendewera, ndipo tisanamve n'komwe fungo tinaona utsi woyera ukukwera m'kona ya kabati. Kumeneko kunali botolo la asidi wa haidirokuloriki lomwe silinatsekedwe bwino, ndipo mpweya wake utakumana ndi wa amoniya unapanga NH4Cl, womwe ndi utsi woyerawo.

Ena tinathamangira kuchitseko, bambo msungichuma ali patsogolo, koma mlongo wathu anachita zimene anali atangophunzitsidwa. Anatseka botolo, anatsitsa galasi mpaka pansi, kenako n'kubwerera m'mbuyo, pamene mayi woyang'anira ankatsegula mawindo ndi kutitulutsa tonse panja. Ine ndikuona kuti kutsitsa galasi kuja ndiko kunatipulumutsa, chifukwa fani ikaima kabati imangokhala bokosi, ndipo chotsekereza mpweya chimakhala galasilo basi. Sitinabwerere mkati mpaka magetsi atayaka ndiponso katishu katapendekeranso. Botolo la asidi linachotsedwa, popeza kabati si mosungiramo mankhwala, ndipo asidi ndi amoniya sayenera kukhala malo amodzi.

Nkhaniyi inapitirira pa nsima ya nkhuku ya lokolo, pomwe tinagwirizana kuti sukulu zopanda kabati yogwira ntchito zisamatsegule amoniya kapena asidi wamphamvu m'kalasi, koma zizisungunulira ku sukulu yoyandikana nayo yomwe ili ndi kabati. Tikuthokoza mayi woyang'anira labotale chifukwa cha kuleza mtima kwawo, mlongo wathu wa ku Biwi yemwe tsopano tikumutcha "Mayi Galasi", ndi bambo msungichuma omwe avomera kugula magolovesi a byutailo ndi magalasi omata kunkhope msonkhano wa mwezi wamawa usanafike.