Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Khadi langa la ku banki lili kwa wakatapila

Paja ndinalekezera poti malume atamwalira mbumba yonse inagwera ine. Kwathu kuno ku Mulanje mukudziwa kale, ana a mlongo wako ndi ako, bambo wawo akalowera ku Joni osatumiza kanthu palibe amamulondola, anthu amayang'ana iwe mwini mbumba. Ndiye pano mapoto atatu akudikira ine, kwanga, kwa amayi, ndi kwa achemwali amene nyumba yawo inapita ndi Freddy mu Malichi 2023.

Ntchito yanga ndi ukalaliki wa pasikelo ku esiteti ina ya tiyi, ndipo sindiikonda olo pang'ono. Nthawi ya dzinja tiyi akachuluka timayamba kusanache, mzimayi wathyola mmawa onse mvula ili pamsana, wabwera ndi dengu lake, ine ndimauzidwa kuti masamba akanyowa ndichotsepo makilo a madzi. Amandiyang'ana ngati wakuba. Ena ndi anthu oti timapemphera limodzi. Ukawamvera chisoni, masamba akakayezedwanso ku fakitale nambala zikasiyana ndi za m'buku mwako, wofunsidwa ndiwe.

Koma chondisowetsa tulo kwenikweni ndi katapila. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 zinthu zinakwera zonse salale ili pomwepo, Januwale amayi anadwala, mphwanga wa folomu 2 anabwezedwa fizi, ufa unatha nyumba ziwiri sabata imodzi. Ndinapita kwa bambo wina pa Chitakale ndikutenga K60,000 yoti ndibweze K90,000 pakutha pamwezi, chikole chake khadi la ku banki ndi pini yomwe. Tsiku lolandira iyeyo ndi amene amayamba kupita ku makina, amatapa zake, ine kundipatsa zotsala. Zotsalazo sizifika pa 10, ndiye umatenganso K60,000 kwa munthu yemweyo. Mwezi ulionse K30,000 imangopita osagula olo kapu ya mchere, ngongole ili pomwe inali, khadi osabwera.

Abale sadziwa zimenezi. Iwo amadziwa deti yolandira basi, foni imayamba kulira mmawa, "achimwene sopo watha", "malume ndalama ya mayeso mawa ndi lomaliza". Ndikanena kuti ndilibe amati akazi anga ndi amene akundiletsa, pomwe mayiyu akugulitsa mandasi kuti tipeze ndiwo. Usiku mtima umagunda mpaka m'makutu, ku chipatala anandiyeza anati BP yakwera, muchepetse maganizo bambo. Ndichepetsa bwanji?

Kusiya ntchito ndimakuganiza tsiku lililonse ndikamakwera njinga, koma nyumba tikukhalayi ndi ya kampani, ndikasiya ndiye titulukemo, wakatapilanso andipeza. Mwezi wathawu ndinawaululira akazi anga za khadi lija. Analira, kenako anati akatenge ngongole ku banki mkhonde kwawo, chiongoladzanja chake nchochepa, tikawombole khadilo kaye, ndipo Lamulungu tikakhale pansi ndi achemwali tiwaonetse pepala la salale. Mmene zinayendera kumeneko ndilemba gawo likubwerali.