Khoma lotalika kuposa makwerero ake

Lolemba m'mawa aphunzitsi aakulu anandiitanira ku ofesi kwawo n'kundipatsa ntchito yoti ndilembe pepala lokambirana pa msonkhano wa aphunzitsi wa Lachisanu. Mutu wake unali woti kodi kuphunzitsa moyang'ana mayeso kukutipindulira kapena kukutidya. Anati andisankha chifukwa ndine amene ndimadandaula kwambiri za nkhaniyi mu sitafu rumu. Ndinavomera, koma mtima unali phaphapha, poti chaka chatha kalasi yanga ya masamu inakhoza bwino ndipo njira imene ndinagwiritsa ntchito ndi yomweyo imene ndimaidandaula: mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo, tsiku ndi tsiku, mpaka ana atadziwa funso asanamalize kuliwerenga.

Usiku umenewo ndinalemba tsamba limodzi n'kuling'amba. Linali lodzaza ndi maganizo anga okha, ndipo anzanga akanandiyankha ndi maganizo awo, msonkhano n'kutha popanda chogwirika. Ndinafuna umboni wochokera m'kalasi mwanga momwe.

Choncho Lachiwiri ndinalowa m'kalasi yomwe ikulemba mayeso chaka chino ndi mafunso awiri a lamulo la Pythagoras, mutu umene tinaubwereza kambirimbiri. Funso loyamba ndinalijambula pa bolodi monga limabwerera pa mayeso: thirayango ya ngodya ya madigiri 90, mbali ziwiri zazifupi zili mamita 6 ndi mamita 8, pezani mbali yaitali. Pa ana 42, ana 37 anapeza 10, ena asanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinafufuta bolodi n'kulemba funso lachiwiri m'mawu okha, popanda chojambula. Makwerero aatali mamita 10 atsamira khoma, phazi lake lili mamita 6 kuchokera pakhomapo. Kodi nsonga yake yafika pamtunda wa mamita angati?

Ameneyu ndi thirayango yemwe uja. Makwerero ndiwo mbali yaitali, ndiye pa 100 uchotsepo 36, patsala 64, yankho ndi mamita 8. Anapeza zimenezi ndi ana 11 okha. Oposa theka la kalasi anaphatikiza 100 ndi 36, napeza 136, nalemba kuti nsonga yafika mamita 11.7.

Yankho limenelo ndinakhala nalo madzulo onse. Kulakwitsa kuwerengera sikundidetsa nkhawa kwenikweni, aliyense amaphonya. Chimene chinandipweteka n'chakuti mwana walemba kuti makwerero a mamita 10, opendekeka, afika pamalo otalika kuposa iwo eni, ndipo palibe chinamugwira mumtima kuti apa pali cholakwika. Mwana yemweyo mutamupatsa makwerero enieni sanganene zoterozo. Koma m'kalasi mwanga anaphunzira kuti manambala awiri akaoneka pa mutu uwu, uwachulukitse lililonse ndi lokha, uphatikize, upeze sikweya ruti. Ndinamuphunzitsa zimenezo ndine, ndipo zinkagwira ntchito, chifukwa pa mafunso ambiri amene tinayeserera thirayango inali yojambulidwa kale, mbali yofunika italembedwa chilembo.

Ndinafunsa mtsikana wina wochenjera, amene analemba 11.7, kuti andijambulire makwererowo. Atangojambula khoma ndi mzere wopendekeka anagwira pakamwa. "Aphunzitsi, sizingatheke," anatero. Ndinamufunsa chifukwa chake sanajambule poyamba. Anati funso silinanene kuti ajambule, ndipo kujambula kulibe malikisi.

Lachitatu ndinali ndi mapiriyodi atatu opanda kalasi, ndiye ndinayala mapepala a mayeso akale patebulo pamodzi ndi silabasi ndi buku langa la zimene ndaphunzitsa. Apa ndi pamene ndinaona kuchepa kwa maphunziro ndi maso anga. Mitu imene imabwera chaka ndi chaka ndinaipatsa milungu yambiri. Kujambula ndi kampasi ndi rula ndinakudutsa m'masiku awiri, ndipo ana ambiri kampasiyo sanaigwire, anangoonerera ine pa bolodi. Ndipo ngakhale mkati mwa mutu umene ndinaupatsa nthawi, monga wa Pythagoras, ndinaphunzitsa kaonekedwe kamodzi ka funso. Sitinafunsepo chifukwa chake lamulolo limagwira, kapena ngati limagwira pa thirayango iliyonse. Ndikudziwa kuti ndikanajambula thirayango yopanda ngodya ya madigiri 90 n'kulemba 6 ndi 8, ambiri akanandipatsabe 10.

Kunja kwa masamu zinthu n'zoonekeratu. Piriyodi ya masewera ya kalasi imeneyi ndakhala ndikuitenga ine kuyambira teremu yatha, mphunzitsi wake osakana chifukwa phunziro lake silili pa mayeso. Mnzanga wa sayansi anandiuza masana omwewo kuti zoyesera zambiri za mu labu amangozilemba pa bolodi pamodzi ndi zotsatira zake, ana n'kukopera. Ana ake amadziwa kuti ayodini akakhudza sitachi amasanduka wabuluu woderako, koma ena mwa iwo mtundu umenewo sanauonepo.

Pepalalo ndinalilemba usiku wa Lachitatu, ndipo ndinaikamo mbiri pang'ono kuti anzanga aone kuti vutoli si la ulesi wa munthu. Ku England mu 1862 boma linakhazikitsa lamulo loti gawo lalikulu la ndalama zopita kusukulu za pulayimale lizidalira kukhoza kwa ana pa kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera sukulu. Aphunzitsi anachita zimene aliyense akanachita: anayamba kuloweretsa ana zimene woyenderayo adzafunse, maphunziro ena n'kufota. Matthew Arnold, yemwe anali mmodzi wa oyendera sukuluwo, anadandaula m'malipoti ake kuti kuphunzitsa kwasanduka kongobwereza ngati makina, ndipo dongosololo linathetsedwa m'zaka za m'ma 1890. Mu 1976 katswiri wa ku America, Donald Campbell, anafotokoza gwero lake. Anati malikisi a mayeso amaonetsa bwino zimene ana akudziwa ngati kuphunzitsa kukulinga pa kudziwa phunziro lonse, koma malikisiwo akasanduka cholinga cha kuphunzitsa, amaleka kunena zoona ndipo amapotoza kuphunzitsako.

Mfundo imeneyo ndinayesa kuifotokoza m'mawu anga. Mayeso a maola awiri kapena atatu sangafunse zonse za m'zaka zingapo. Amatapako pang'ono, monga dokotala amatengera magazi ochepa kuti adziwe za thupi lonse. Kutapako kumanena zoona pokhapokha ngati mwana waphunzira zonse. Tikadziwiratu malo amene adzatape n'kuphunzitsa pomwepo pokha, malikisi amakwera koma samatiuzanso kanthu za zotsalazo. Ana anga 37 aja, pa pepala, amadziwa lamulo la Pythagoras. Ndinatchulanso Richard Skemp, katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu wa ku England, amene m'chaka chomwecho cha 1976 anasiyanitsa kudziwa malamulo opanda zifukwa zake ndi kudziwa chochita pamodzi ndi chifukwa chake. Iye anavomereza kuti njira yoyambayo imaphunzitsika msanga ndipo imapereka mayankho olondola mofulumira. N'chifukwa chake imatikopa.

Lachinayi ndinapereka pepalalo kwa mphunzitsi wina wachikulire, amene anayamba ntchito ine ndili mwana wa sukulu, kuti aliwerenge msonkhano usanafike. Anandibwezera atalemba ndi cholembera chofiira m'mbali monse. "Mwalemba zoona, achimwene," anatero, "koma mwana amene walephera mayeso sapita patsogolo, ngakhale amvetse makwerero anu bwanji. Mukufuna ndikawauze chiyani makolo ake?" Anawonjezera kuti silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza, ndipo kwa mwana wofooka njira yoloweza nthawi zina ndi imene imamupatsa malikisi ochepa omuolotsa.

Sindinawatsutse, chifukwa akunena zimene ine ndimaziopa. Satifiketi ndi khomo lenileni, ndipo si ine amene ndidzavutike likatsekeka. Ndinachotsa ndime ina imene inkamveka ngati ndikunyoza kukonzekera mayeso. Mwana ayenera kudziwa kaonekedwe ka pepala, kugawa nthawi, ndi kuonetsa njira yake kuti apeze malikisi a njira. Zimenezo zimatenga milungu ingapo. Cholakwika n'chakuti ife tazipatsa chaka chathunthu, mwinanso ziwiri. Ndinawaonetsanso mapepala a ana aja n'kuwafunsa kuti olemba mayeso akadzabweretsa funso la makwerero chaka chino, kuloweza kudzawathandiza chiyani. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati funso lotero limabwera ndithu, ndipo ndi pamene ana ambiri amagwera.

Masana a tsiku lomwelo ndinali ndi mapiriyodi awiri otsatizana ndi kalasi ija. Sitinatsegule pepala lakale. Ndinagawa mapepala a timabokosi, gulu lililonse linajambula thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5, n'kumanga sikweya pa mbali iliyonse. Anawerenga timabokosi 9, 16 ndi 25, ndipo anadula masikweya awiri aang'onowo n'kuona zidutswa zake zikudzaza lalikulu lija ndendende. Kenaka ndinawauza kuti atambasule pang'ono ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 n'kuyeza mbali yachitatu ndi rula. Inapitirira 5. Mnyamata wina wakumbuyo, amene salankhula kawirikawiri, ananena yekha kuti ndiye kuti lamuloli ndi la ngodya ya madigiri 90 yokha. Mphindi 80 zinathera pa chinthu chimodzi chimenecho, nthawi imene tikanayankha mafunso akale mwina khumi ndi asanu. Mtengo wake ndi umenewo, ndipo ndinaulemba m'pepala mosabisa.

Lachisanu msonkhano unatenga ola ndi theka. Ndinayamba ndi kulemba funso la makwerero pa bolodi ndi yankho la 11.7 pansi pake. Mphunzitsi wa mbiri anati ana ake amatchula zifukwa zisanu za nkhondo yoyamba ya dziko lonse mwa ndondomeko yomweyo ya m'manotsi, koma ukawafunsa kuti chachikulu n'chiti ndipo chifukwa chiyani, amangokuyang'ana. Ndinapempha kuti pa mayeso alionse a m'kalasi pazikhala funso limodzi la kaonekedwe kamene ana sanakaonepo, ndipo malikisi ake tizilemba padera kuti tizidziwa kusiyana kwa kuloweza ndi kumvetsa. Zimenezo zinavomerezedwa mosavuta. Zobweza piriyodi ya masewera zinavomerezedwanso, ndipo woyamba kubweza ndine. Pempho loti mapepala akale tiziyamba nawo teremu yomaliza yokha linakanidwa. Aphunzitsi aakulu anati sangayike pachiswe kalasi ya chaka chino, koma alola kuti tiyese ndi kalasi yotsatira.

Titatuluka, mphunzitsi wachikulire uja anandipempha kuti ndimulembere funso la makwerero pa kapepala, akufuna akaliyese m'kalasi mwake Lolemba.