Sabata ya mafulakishoni mu Sitandade 6

Teremu ino ahedi anandipatsa ntchito yoyang'anira mnyamata wina wochokera ku koleji ya aphunzitsi amene akuphunzira ntchito pasukulu pathu, kuno kumbali ya Linthipe. Masamu amawadziwa, mawu ali nawo, ndipo pulani yake ya phunziro imakhala yolembedwa bwino kuposa yanga. Lolemba ankaphunzitsa kuphatikiza mafulakishoni a nambala zapansi zosiyana. Analemba 2/3 + 1/4 pabolodi, nafotokoza njira yonse osapuma, nafufuta, nalemba chitsanzo chachiwiri ndi chachitatu. Atafunsa ngati amva, ana oposa 80 anayankha pamodzi kuti eya. M'makope munali zina.

Madzulo ake tinakhala pansi n'kusanja makope potengera zolakwa. Anapanga milu iwiri. Ena analemba 3/7, kutanthauza kuti anangophatikiza zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha. Amenewa njira yatsopano sinawafike n'komwe, anagwiritsa ntchito imene anali nayo kale. Koma mulu waukulu unali wa amene anapeza 12 molondola, kenako n'kulemba 2/12 + 1/12, kapena 8/12 n'kulekera pomwepo. Awa anamva ndithu, koma anataya njira ali pakati. Milu iwiriyi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mphunzitsi amene amangochonga ndi kuthetha sangaone kusiyanako.

"Madamu, kodi ndimafulumira kulankhula?" anandifunsa. Ndinati liwiro la pakamwa si limene lavuta kwenikweni, aphunzitsi, koma kuchuluka kwa zinthu zimene mwana akuyenera kugwira m'mutu nthawi imodzi.

Apa m'pamene zimene tonse tinaphunzira ku koleji n'kuzisiya m'chipinda cha mayeso zimagwira ntchito. Mu 1968 Atkinson ndi Shiffrin anafotokoza kuti chimene munthu waphunzira chimadutsa magawo atatu. Loyamba ndi la maso ndi makutu: chilichonse chooneka kapena chomveka chimakhalapo kanthawi kochepa zedi, cha maso osakwana sekondi imodzi, cha makutu masekondi owerengeka. Chimene mwana sanachiikire chidwi chimathera pomwepo. N'chifukwa chake kufotokoza pamene ana akukopera za pabolodi n'kutaya mawu: makutu amva, koma chidwi chili pa cholembera. Gawo lachiwiri ndi la kukumbukira kwa kanthawi, mmene munthu amaganizira ndi kuwerengera. Gawo lachitatu ndi la kukumbukira kwa nthawi yaitali, limene silidziwika kuti limadzaza. Lachiwirilo lili ngati lichero laling'ono limene chimanga chonse chopita m'nkhokwe chiyenera kudutsamo. Ukathira chambiri chimatayikira pansi.

Kuchepa kwake anthu anakuyeza. George Miller mu 1956 anati limasunga zinthu pafupifupi 7, koma Nelson Cowan mu 2001 anaonetsa kuti munthu akaletsedwa kubwereza kapena kuzimanga m'magulu, zimakhala pafupifupi 4 basi. Ndipo sizikhalitsa. Mu 1959 Peterson ndi Peterson ankapatsa anthu zilembo zitatu, n'kuwauza kuti aziwerenga chobwerera m'mbuyo kuti asazibwereze mumtima. Pakutha masekondi 18, ambiri anali ataziiwala. Mphunzitsi akapitiriza kulankhula mwana asanamalize kuganiza, amakhala akumuchita zomwezo.

Tinawerenga limodzi zimene mwana amanyamula pa 2/3 + 1/4. Apeze nambala imene 3 ndi 4 zimalowamo, 12. Agawe 12 ndi 3, apeze 4. Achulukitse 4 ndi 2, apeze 8. Asunge 8 uja pamene akuchita zomwezo mbali inayo kuti apeze 3. Akumbukire kuti 12 saphatikizidwa. Akumbukirenso kuti ali pati m'njirayo. Zonsezi akuzimva m'Chingelezi, chimene kwa ambiri chimafunanso malo akeake m'mutu. Mnyamata uja anaseka nati kwa iye zonsezi n'chinthu chimodzi. N'zoona, ndipo vuto lagona pamenepo. Kwa iye njira yonse inamangidwa kale kukhala chinthu chimodzi m'kukumbukira kwa nthawi yaitali, ndiye imatenga malo amodzi. Kwa mwana amene amapeza 12 ÷ 3 pojambula timizere kuseri kwa kope, kugawa kokhako kumadzaza malo onse, ndipo akamabwerera 8 uja wapita.

Lachiwiri sitinaphatikize chilichonse. Piriyodi yonse inali ya kusintha fulakishoni kuti pansi pakhale 12: 2/3 kukhala 8/12, 1/4 kukhala 3/12, 1/2 kukhala 6/12. Matebulo a 3 ndi 4 tinawalemba pakona ya bolodi ndipo sanafufutidwe. Mnzanga wina wa Sitandade 7 anati kumeneko n'kuchititsa ana ulesi. Ine sindikugwirizana naye. Matebulo ayenera kulowezedwa, inde, koma pa nthawi yake. Tsiku lophunzira njira yatsopano, bolodi lisunge zimene mutu sungathe kusunga.

Lachitatu ndi limene ndinakhala kumbuyo ndi wotchi. Tinagawa mphindi 35 motere. Zisanu zoyamba, mafunso a dzulo makope ali otseka. Kenako chitsanzo chimodzi chokha, mzere uliwonse pawokha, ndipo akalemba mzere akhale chete ana auone, kenako afotokoze, zolembera zili pansi. Chitsanzocho chikhale pabolodi mpaka belu. Chachiwiri, 1/3 + 1/4, analemba theka ana namaliza awiriawiri. Chachitatu anachita okha. Chimene chinamuvuta kwambiri n'kudikira akafunsa funso. Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Masekondi atatu pamaso pa kalasi yodzaza amatalika ngati chaka, moti ndinamuona akuwerenga ndi zala kumbuyo.

Tinasiyanso chizolowezi chobwereza mokuwa kalasi yonse. Ana athu amatha kuimba lamulo lonse mokoma, koma kubwereza kotere kumangolisunga m'gawo lachiwiri pamene akuimba. Craik ndi Lockhart mu 1972 anatsutsa ganizo loti kubwereza kokha n'kokwanira. Chimene chimakhalitsa ndi chimene munthu wachiganizira tanthauzo. Ndiye m'malo mwa nyimbo tinajambula mzere wa mbatatesi wa mapando 12, n'kufunsa kuti 2/3 ya mzerewo ndi mapando angati, nanga 1/4. Atapeza 8 ndi 3, mtsikana wina amene Lolemba analemba 3/7 ananena yekha kuti yankho lake lija silingatheke, chifukwa 3/7 sikwana ngakhale theka pomwe 2/3 payokha yapitirira theka.

Lachinayi kunali msonkhano wa aphunzitsi, masamu sanaphunzitsidwe. Zinatithandiza mwangozi, chifukwa Lachisanu tinayesa ana patadutsa tsiku osakhudza mafulakishoni, ndipo kuyesa kotere ndiko kumaonetsa zimene zalowadi. Tinawapatsa 3/4 + 1/6, bolodi lili loyera. Ambiri anafika pa 11/12. Mulu wa oima pakati unachepa kwambiri, koma sunathe, ndipo otsalawo ndi omwe aja osadziwa matebulo. Panalinso ana angapo akutsogolo amene Lachiwiri anatopa ndi kudikira n'kuyamba kusokosera, chifukwa kwa iwo timagawo tating'ono tija tinali kale chinthu chimodzi. Liwiro limodzi silikwanira kalasi yonse, ndipo magawo atatu aja sauza mphunzitsi chochita ndi zimenezo.

Sikimu imati tikanayenera kukhala titayamba kuchotsera. Tagwirizana kuti sabata ya mawa aziyamba ndi mphindi zisanu za matebulo a 3, 4 ndi 6, akutsogolo aja awapatse mafulakishoni atatu ophatikiza pamodzi, ndipo kuchotsera kuyambe Lachiwiri ndi 2/3 − 1/4.