Mlungu umodzi pa ntchito yowerenga matchati a nyenyezi

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yowerengera anthu matchati a kubadwa kwawo, ndipo tchati ndi chithunzi chozungulira chosonyeza pamene panali Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti pa nthawi imene munthu anabadwa. Mlungu wathawu unali wa anthu ochepa, choncho ndinali ndi mpata woona bwino mmene ndimayalira kukambirana kwa mphindi 90 kuchokera poyambira mpaka pa mawu omaliza amene munthu amapita nawo kwawo. Maganizo anga ndi akuti luso lalikulu pa ntchitoyi ndi kusankha zoti usanene, pakuti tchati chimodzi chili ndi zinthu zambiri zoti munthu angalankhule tsiku lonse, pamene womvera amatha kusunga mfundo zitatu zokha.

Lolemba sindinakumane ndi munthu aliyense, koma ndinakonzekera za mayi wina wosamalira okalamba amene anabadwira ku Blantyre pakati pa Januwale 1995, tsiku limene mwezi unali wathunthu. Poyamba ananditumizira uthenga wakuti amayi awo amati anabadwa kukungocha, ndipo ndinawapempha kuti afunefune pepala la kuchipatala chifukwa mawu akuti kukungocha ndi otakata kwambiri. Njira imene Dzuwa limaoneka ngati likuyendamo kumwamba timaigawa m'zizindikiro khumi ndi ziwiri, monga Kapirikoni ndi Akwariyasi. Chizindikiro chimene chimakhala chikutuluka kum'mawa pa nthawi yobadwa, chomwe timati asendanti, chimasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo chimasinthiratu pakapita maola awiri kapena kuyandikira pamenepo. Tsiku limenelo dzuwa linatuluka ku Blantyre itangopitirira 5 koloko, lili chakumapeto kwa Kapirikoni, moti wobadwa 5 koloko akanakhala ndi asendanti ya Kapirikoni pamene wobadwa itakwana 6 koloko anali atalowa kale mu Akwariyasi. Pepala litapezeka linasonyeza 06:15, ndipo nyumba zonse khumi ndi ziwiri za tchaticho, zomwe ndi magawo oimira mbali zosiyanasiyana za moyo, zinakhazikika kuyambira pa Akwariyasi.

Ndikasindikiza tchati sindithamangira kumasulira. Ndimachiyang'ana kwa mphindi zingapo cholembera chili pansi, n'kumadzifunsa kuti diso langa likukokedwa ndi chiyani. Pa tchati cha mayiwa zinthu ziwiri zinaonekera msanga. Dzuwa linali pafupi ndi digiri 25 ya Kapirikoni, litapanikizika pakati pa Neputuni ndi Yurenasi m'nyumba ya 12, ndipo Mwezi unali kutsidya lina mu Kansa, m'nyumba ya 6 imene timaigwirizanitsa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku komanso kutumikira ena. Chachiwiri chinali chakuti Vinasi ndi Jupita anali atayandikana kwambiri mu Sajitariyasi, m'nyumba ya 11 ya abwenzi ndi magulu, ndipo anali pa madigiri pafupifupi 90 kuchokera pa Satuni amene anali mu Payisisi, m'nyumba ya 2 ya ndalama ndi katundu. Mwa chiphunzitso chakale Satuni ndiye mwini wa Akwariyasi ndi Kapirikoni yemwe, choncho iye ndiye anali kulamulira asendanti ndi Dzuwa lomwe, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yonse idzazungulira pa iye. Zimene ndinaziona poyambazi ndinazilemba pakapepala ngati mafunso atatu, osati ngati mayankho, chifukwa mpaka mwini wake atalankhula izo zimakhala zongoganizira chabe.

Lachiwiri masana mayiwo anafika, ndipo mphindi khumi zoyambirira sindinatulutse tchati n'komwe. Ndinawafotokozera kuti kuwerenga nyenyezi ndi mwambo wakale womasulira zizindikiro, kuti kafukufuku wa sayansi sanatsimikizire kuti mapulaneti amaumba khalidwe la munthu, ndiponso kuti sindilosera za imfa, matenda kapena milandu. Mawu amenewa ndimawanena kwa aliyense, ndipo kwa anthu akwathu amene ambiri ndi opemphera amathandiza kuchotsa mantha akuti abwera kudzaombeza. Kenako ndinafunsa kuti, "Mayi, mukamatuluka pakhomo pano, mukufuna mutamvetsa chiyani chimene panopa chikukusowetsani tulo?" Anayankha kuti amagwira ntchito molimbika koma ndalama sizikhala m'manja, ndipo akuganiza zopita kukaphunzira unamwino. Funso limeneli ndilo limasankha mbali ya tchati imene tikhalepo nthawi yaitali, ndipo popanda ilo wowerenga amangoyendayenda m'nyumba zonse khumi ndi ziwiri ngati mlendo wosowa pokhala.

Mphindi 15 zotsatira ndinaziika pa maziko atatu, omwe ndi asendanti, Dzuwa ndi Mwezi, motsatana chomwecho. Ndimayamba ndi asendanti chifukwa imanena za mmene munthu amaonekera kwa ena, ndipo ndi yosavuta kuti womvera avomere kapena akane. Dzuwa la m'nyumba ya 12 ndinalifotokoza ngati munthu amene ntchito yake yaikulu imachitikira kuseri, kumene sikufika oyamika, ndipo Mwezi wa mu Kansa ngati mtima umene umakhazikika pokhapokha mwini wake akamasamalira wina. Pa mfundo iliyonse ndimanena ziganizo ziwiri kapena zitatu, kenako ndimasiya n'kufunsa ngati zikumveka ngati moyo wawo. Mayiwa anavomera za Mwezi ndi mtima wonse, koma za asendanti anati iwo si munthu wodzipatula monga mmene ndinanenera. Munthu akakana chotere sindilimbana naye kapena kupotoza mawu kuti aoneke ngati akugwirizana, chifukwa iye ndiye mwini moyo, ndipo mfundoyo ndimangoisiya pomwepo.

Pakati pa kukambirana, mphindi pafupifupi 30, ndi pamene pamakhala ntchito yeniyeni, ndipo ife tinakhala pa Satuni ndi anzake awiri aja. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti mfundo siyenera kunenedwa mwamphamvu ngati ikuoneka malo amodzi okha m'tchati. Pano kukokana kwa pakati pa kupatsa ndi kusunga kunaoneka kawiri. Vinasi ndi Jupita m'nyumba ya abwenzi amamasuliridwa ngati dzanja lotambasuka, pamene Satuni m'nyumba ya ndalama amamasuliridwa ngati nkhawa ya kusowa ndiponso kufunika kwa malire, ndipo kutalikirana kwa madigiri 90 timakuwerenga ngati mkangano umene sutha wokha. Dzuwa ndi Mwezi moyang'anizana zinali kunena zofanana m'njira ina, ndiko kuti zolinga za mwini zikukokana ndi zosowa za anthu amene amawasamalira. M'malo mowauza kuti ndinu opatsa mopyola muyeso, ndinafunsa kuti malipiro akalowa, ndani amayamba kudziwa. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti gulu la chipereganyu limadziwa tsiku lomwelo, kenako achibale a kumudzi, ndipo iwo eni amatsala ndi ya thiransipoti yokha. Kuchokera pamenepo ankalankhula kwambiri ndi iwowo, ine n'kumangobwezera zonena zawo pa tchati. Ndikaona kuti ndalankhula kwa mphindi zisanu popanda womvera kuyankha, kapena wayamba kungogwedeza mutu maso ali pafoni, ndimadziwa kuti ndachulutsa mawu a ntchito ndipo ndimabwerera ku funso lake loyamba.

Za nthawi ndimazisunga mpaka mphindi 20 zoyandikira kumapeto, ngakhale kuti ndizo anthu amazifuna msanga, chifukwa kuyenda kwa mapulaneti lero kulibe tanthauzo ngati munthu sanamvetse kaye tchati chake chobadwira. Ndimayamba ndi zakale kuti tiyese. Satuni amazungulira Dzuwa m'zaka pafupifupi 29 ndi theka, ndipo anabwerera pa malo amene anali pobadwa mayiwa kumayambiriro kwa 2024. Ndinafunsa zimene zinachitika miyezi imeneyo osatchula chimene ndinkayembekezera, ndipo anati ndi pamene anamaliza kubweza ngongole ina n'kuyamba kuganiza za sukulu. Kenako tinaona za Jupita, amene amakhala pafupifupi chaka m'chizindikiro chimodzi ndipo ali mu Kansa kuyambira Juni 2025 mpaka kumapeto kwa Juni 2026, kutanthauza kuti akudutsa m'nyumba yawo ya ntchito ndi pa Mwezi wawo. Sindinanene kuti adzatengedwa kusukulu ya unamwino. Ndinanena kuti mwambo wathu umaona nyengo yotere ngati yoyenera kugogoda zitseko za ntchito ndi maphunziro, ndipo kutengedwa kudzadalira zikalata zawo, ndalama za fizi ndi tsiku lotsekera kulandira makalata.

Lachitatu ndi Lachinayi anandikumbutsa kuti ndondomekoyi imasintha malinga ndi zimene munthu wabwera nazo. Bambo wina wachikulire sankadziwa ola limene anabadwa, choncho ndinakonza tchati cha 12 koloko masana, ndinasiya asendanti ndi nyumba zonse, ndipo ngakhale za Mwezi ndinazinena mosamala chifukwa umayenda madigiri pafupifupi 13 patsiku ndipo ukhoza kusintha chizindikiro tsiku lomwelo. Kukambirana kotere ndimakufupikitsa kukhala ola limodzi. Wa Lachinayi anali mtsikana wobadwira ku Mangalande m'mwezi wa Julayi, ndipo kumeneko mawotchi amatsogozedwa ndi ola limodzi kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala. Ola limodzi lolakwika limasuntha asendanti ndi madigiri pafupifupi 15, choncho ndinatsimikiza kaye kuti pulogalamu ya pakompyuta yawerengera kusinthako. Kwa obadwira ku Malawi masiku ano vutoli kulibe, chifukwa nthawi ya kwathu sisintha chaka chonse.

Mphindi 15 zomaliza za kukambirana kulikonse ndi za kuomba mkota, ndipo woyamba kulankhula amakhala mwini tchati. Mayi a Lachiwiri aja nditawafunsa zimene atolapo anatchula ziwiri, za malire pa ndalama ndi za nyengo ya maphunziro, koma za Dzuwa la m'nyumba ya 12 sanazitchule, choncho nanenso sindinaziike m'chidule. Lachisanu ndinawalembera tsamba limodzi lopanda dzina la pulaneti ngakhale limodzi, pogwiritsa ntchito mawu amene iwo eni ananena. Ndime yoyamba inali funso limene anabwera nalo, yachiwiri inali kukokana kwa kupatsa ndi kusunga monga tinakuonera, ndipo yachitatu inali zochita zimene anasankha okha. Anati tsiku la malipiro aziyamba apatula ya sukulu asanayankhe uthenga wa aliyense, auze achibale kuchuluka kwa ndalama imene angathe kutumiza pamwezi kuti pasakhale kupempha kwa pakati pa mwezi, ndiponso afunse ku masukulu awiri a unamwino zikalata zofunika mwezi uno usanathe. Pansi pa tsambalo ndinawonjeza kuti za ngongole ndi chiwongoladzanja akafunse kwa mlangizi wa zachuma, ndipo tinagwirizana kudzaonananso pakapita miyezi isanu ndi umodzi kwa theka la ola lokha.